Kuitana Ogula Dzuwa Lisanakwere: Mafunso ndi Mayankho pa Sitetasi ya Wogulitsa Matimati ndi Anyezi

Kuyambira m'chaka cha 2017, pamene eni ake a WhatsApp anaikamo mbali ija yotchedwa Status, pamene munthu alemba mawu kapena kuika chithunzi choti chioneke maola 24 kenaka n'kuzimirira chokha, amayi ndi abambo ambiri ochita geni ya matimati ndi anyezi m'misika ya m'mizinda yathu apezamo njira yoitanira ogula iwo asanatuluke n'komwe m'nyumba zawo. Koma popeza kuika sitetasi n'kosavuta, ambiri ayesa kuti kuilemba bwino n'kosavutanso, ndipo apa mpamene agwa ulesi, nanena kuti njirayi ilibe phindu. Poyankha mafunso otsatirawa tidzatenga chitsanzo cha mayi mmodzi woyerekezera, wokhala ndi benchi pa msika wina wa mu mzinda wa Lilongwe, amene amapikula katundu wake mbandakucha ku Wakawaka, kumene magalimoto ochokera ku Ntcheu, ku Dedza ndi kumadera ena amatsitsa madengu.

Kodi ndikaika sitetasi, aliyense amene ali ndi nambala yanga adzaiona?

Iyayi, ndipo ichi ndicho choyamba kuchimvetsa, pakuti wosachidziwa angathe kulemba mauthenga okoma mwezi wathunthu pamene owawerenga ndi azibale ake a kumudzi ndi anzake a kumvano okha, amene sadzagula ngakhale mulu umodzi. Sitetasi imaoneka pokhapokha anthu awiri atasungirana manambala: wogulitsa asunge ya wogula m'foni mwake, ndipo wogulayo asungenso ya wogulitsa. Mmodzi yekha akasunga, winayo osasunga, uthenga sufika. Chifukwa chake ntchito ya sitetasi iyambira pa benchi penipeni, pamene mayi wathu, atatha kuthira matimati m'jumbo, anena mwaulemu kuti, "Mayi, kodi muli pa WhatsApp? Ndipatseni nambala yanu, ndipo inunso musunge yanga, kuti muzidziwa mtengo wa tsikulo musanabwere." Akalandira nambalayo aisunge pomwepo, natumize moni waufupi wotchula dzina lake ndi malonda ake, kuti wogulayo asavutike kukumbukira kuti nambala yachilendoyo ndi ya yani. Ndi bwinonso kulemba dzina la wogula pamodzi ndi chizindikiro chake, monga dera limene akhala kapena ntchito yake, pakuti pakapita miyezi mudzakhala "Mayi Phiri" ambiri m'foni imodzi.

Tisabise malire a njirayi. Ogula ambiri a pa msika ali ndi tifoni ta mabatani, ndipo ena, ngakhale ali ndi foni yaikulu, amagula bandulo mwa apo ndi apo. Sitetasi siidzalowa m'malo mwa pakamwa poitana odutsa. Imafika makamaka kwa ogwira ntchito m'maofesi, amayi a pakhomo otuma ana kapena antchito, eni malesitilanti ang'onoang'ono, ndi okazinga tchipisi amene amafuna matimati ndi anyezi a saladi tsiku lililonse. Ndipo amenewa, ngakhale ali ochepa, ndiwo ogula mobwerezabwereza.

Bwanji kulemba mawu okha, pamene chithunzi cha matimati ofiira chingakope koposa?

Chithunzi chili ndi malo ake, ndipo sitichiletsa. Koma mawu okha amatseguka msanga ngakhale netiweki ili yofooka, sadya bandulo ya wogula kapena ya wogulitsa monga chidyera chithunzi, ndipo angathe kulembedwa kusanache, pamene foni wamba siingajambule kanthu kooneka bwino. Kalembedwe kake n'kosavuta: munthu atsegula mbali yolembedwa Updates, imene m'mafoni a kale ilembedwa Status, agunda kachizindikiro ka pensulo, alemba, asankha mtundu wa kumbuyo kwa mawu, natumiza. Malo alipo a zilembo 700, koma wanzeru sadzawadzaza, popeza mawu akachuluka zilembo zimachepa msinkhu, ndipo wowerenga, amene chala chake chili kale pa ulendo wopita ku sitetasi ya munthu wina, sadzaima kuti afinye maso.

Ngati aika chithunzi, chikhale cha katundu wa tsiku lomwelo, wojambulidwa pa benchi pake. Kutenga chithunzi cha pa intaneti, kapena cha dengu la sabata yatha limene linali lokongola koposa la lero, ndiko kudzitchera msampha. Pakuti wogula akafika napeza kuti chinali chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, sadzakangana naye, koma adzangoleka kukhulupirira sitetasi zake zonse, ndi zoona zomwe.

Nanga uthenga wa m'mawa ukhale ndi zotani?

Taonani uthenga umene ambiri amalemba: "Tomato wabwino alipo, bwerani mudzagule." Mawuwa alibe bodza, koma sanena kanthu kamene wogula sanali kukadziwa kale. Mayi amene akukonzekera kupita ku ntchito, nalingalira za ndiwo za madzulo, ali ndi mafunso ake m'mtima: kodi matimatiwo ndi a lero kapena a dzulo, mulu uli pa zingati, m'mulumo muli angati, ndikawapeza pati, ndipo ndikachedwa ndidzawapezabe? Uthenga wabwino ndiwo woyankha zimenezi iye asanafunse, monga uwu:

"Lolemba m'mawa. Tomato watsopano wafika, wolimba, wa ku Ntcheu. Wamkulu 4 pa K1,000, wapakati 5 pa K800. Anyezi wofiira wouma 3 pa K500. Ndili pa benchi lachitatu mukalowera geti la kumsewu, mpaka 5 koloko. Yankhani pano ndikusungireni."

Mitengo imeneyi, ndi ina yonse imene idzatchulidwe m'munsimu, njoyerekezera chabe, kuti kawerengedwe kaoneke. Choyenera kuchisunga ndicho dongosolo lake. Tsiku lili patsogolo chifukwa sitetasi imakhala maola 24, kotero kuti ya dzulo m'mawa imaonekabe lero mbandakucha, ndipo wowerenga mofulumira sayang'ana kalemba kakang'ono ka nthawi kamene WhatsApp imaika pamwamba. Chiwerengero cha matimati a m'mulu chatchulidwa chifukwa mulu ulibe muyeso wokhazikika: wa atatu ndi mulu, wa asanu ndi mulunso, ndipo amene anena mtengo osanena kuchuluka sananene mtengo konse. Malo afotokozedwa monga munthu afotokozera mlendo, potchula geti, mtengo wa mthunzi kapena sitolo yodziwika, pakuti "ndili mumsika" sikuthandiza munthu wotumidwa amene sanamuonepo nkhope. Ndipo mawu otsiriza amuuza wowerenga chochita. Pakuti yankho la pa sitetasi limalowa m'makalata a awiri okha, losaonedwa ndi ena, ndipo wogula wamanyazi angathe kufunsa kapena kunenerera mtengo momasuka.

Za kumene matimati achokera, anene chimene akudziwa. Ngati anawagula kwa wopikulitsa amene sananene za mudzi wake, asawapatse dzina la Lizulu kapena Tsangano chifukwa chakuti mainawo amamveka bwino m'makutu a ogula.

Kodi kulemba mtengo poyera sikupatsa mpata anzanga a mabenchi oyandikana kuti anditsikire?

Nkhawa imeneyi njomveka, koma ikayesedwa bwino ipezeka yopepuka. Mnzake wa benchi loyandikana adziwa kale mtengo wake, popeza amaumva ukutchulidwa tsiku lonse, ndipo mwina anapikula pa galimoto imodzi. Amene sadziwa ndiye wogula ali kunyumba, ndipo ndi iyeyo amene kubisa mtengo kumamutaya, pakuti pa anthu oona sitetasi, ochepa okha ndiwo adzadzivuta kulemba kuti "zingati?", ndipo wofunsayo akapeza kuti wogulitsa watanganidwa nayankha patapita ola, wagula kale kwa woyenda ndi beseni m'makomo. Komanso m'zaka zimene ndalama yathu yagwa mphamvu kawiri konse mwa chilengezo, mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023, mitengo ya pa msika yakhala yosakhazikika, kotero kuti wogula amayamika kudziwiratu ndalama zoti anyamule kapena zoti apatse mwana womutuma.

Ngati alipo munthu amene wogulitsa safunadi kuti aziona, WhatsApp ili ndi posankhira. M'makonzedwe a sitetasi muli My contacts, kutanthauza onse osungidwa. My contacts except..., pamene achotsapo maina ena. Ndi Only share with..., pamene asankha okhawo amene afuna. Kusinthaku kumagwira ntchito pa sitetasi zimene adzaika pambuyo pake, osati zimene zaikidwa kale. Njira ya Only share with... ija ingathandizenso pamene afuna kuuza eni malesitilanti mtengo wa ndowa yathunthu popanda kusokoneza ogula milu. Koma akumbukire kubweza makonzedwewo akatha, pakuti akaiwala, uthenga wa mawa udzafika kwa anthu asanu okha, iye nadabwa kuti ena onse apita kuti.

Ndingalembe bwanji m'mawa uliwonse osabwereza mawu amodzimodzi mpaka anthu kutopa nane?

Apa mpamene pali mtima wa nkhani yonse. Wogulitsa safunikira kupeka nkhani yatsopano tsiku ndi tsiku, pakuti dengu lenilenilo limasintha usiku uliwonse, ndipo amene anena zoona za dengu lake sadzasowa chonena. Matimati a Lolemba si matimati a Lachitatu, ngakhale anatsika pa galimoto imodzi. Opsa amatulutsa mpweya umene umafulumizitsa anzawo kupsa, a pansi amaphwanyika ndi kulemera kwa a pamwamba, ndipo kutentha kwa pansi pa malata kumathamangitsa zonsezi. Mndandanda wa mauthenga uyende pamodzi ndi moyo wa dengulo.

Tiyerekeze kuti mayi wathu wapikula dengu pa K40,000, nalipira K3,000 yonyamulitsa, ndi K2,000 ya chiphaso cha msika ndi majumbo, ndiye kuti walowetsa K45,000. Atafika pa benchi nasankhula, apeza matimati 300: akuluakulu olimba 100, apakati 150, ndi ena 50 ofewa kapena a timing'alu, amene anali pansi. Akuluakulu aja, pa 4 mulu wa K1,000, atuluka milu 25, ndiyo K25,000. Apakati, pa 5 mulu wa K800, atuluka milu 30, ndiyo K24,000. Zimenezi pamodzi ndi K49,000, kotero kuti phindu lake pa matimati onse abwino ndi K4,000 yokha. Koma ofewa aja, akawaunjika khumikhumi pa K1,000, atuluka milu 5, ndiyo K5,000. Ndipo taonani, phindu loposa theka, pa K9,000 yonse imene angapeze, lagona m'matimati amene wogulitsa wosasamala akadawasiya m'mbali mpaka atanunkha. Ndiwo oyenera kutuluka tsiku loyamba lomwelo, ndipo ali ndi ogula awo, ophika ndiwo za anthu ambiri, amene safuna kukongola koma msuzi. Chifukwa chake pambuyo pa uthenga wa m'mawa uja, pofika masana alembenso:

"Lolemba masana. Tomato wofewa wa supu, wophika lero lomwe, 10 pa K1,000. Milu ilipo 5 yokha. Sanaole, koma sagona."

Mawu akuti "sagona" ndiwo chitetezo chake. Wogula wauzidwa poyera chimene akugula, ndipo sadzabwera mawa ndi madandaulo. Koma ofewa ndi ena, oola ndi ena: amene ayamba nkhungu, kununkha kapena kutuluka madzi oipa sagulitsidwa pa mtengo uliwonse, ndipo achotsedwe msanga asanaipitse anzawo.

Lachiwiri katundu salinso "wofika lero", ndipo asalembe chomwecho. Koma ali ndi ubwino wina wonena, pakuti aja anali obiriwira pang'ono dzulo, lero afiira:

"Lachiwiri m'mawa. Tomato wa dzulo wapsa bwino tsopano, wofiira, wabwino pa saladi ndi pa ndiwo. Wamkulu 4 pa K1,000, wapakati 5 pa K800. Wofuna wosunga masiku atatu andiuze, ndimusankhire wolimba."

Lachitatu, ngati patsala milu yochepa, uthenga ukhale wotsiriza dengu, woonjezera m'mulu m'malo motsitsa mtengo, popeza ogula amakumbukira mtengo wotsika nauyembekezeranso mawa, pamene basela amamulandira ngati mphatso ya tsikulo:

"Lachitatu m'mawa. Ndikumaliza dengu. Wapakati 7 pa K800 lero lokha. Mawa kubwera watsopano. Ofuna ndowa anene lero kuti ndiwapikulire."

Chiganizo chotsirizachi chili ndi ntchito yaikulu, pakuti chimamuthandiza kudziwa usiku womwewo ngati mawa apikule dengu limodzi kapena awiri, m'malo mongoganizira. Lachinayi mzere uyambiranso ndi katundu watsopano. Lachisanu ndi Loweruka angathe kukumbutsa za alendo a kumapeto kwa sabata, za maukwati ndi zinkhoswe, natchula mtengo wa ndowa kapena wa beseni. Ndipo kumapeto kwa mwezi, pamene olembedwa ntchito alandira malipiro, ndiyo nthawi yoika patsogolo muyeso waukulu, pamene pakati pa mwezi aika patsogolo kamulu kakang'ono. Mwa njira imeneyi dongosolo la uthenga likhala limodzimodzi, kuti maso a wogula azolowere popeza mtengo, koma nkhani yake ikhala yatsopano popanda kukometsera.

Ngati Lamulungu sagulitsa, anene Loweruka madzulo. Moni ndi mawu othokoza n'zoyenera, ndipo wogulitsa wopembedza sadzachita manyazi kuyamika Mulungu pa sitetasi yake. Koma zimenezi zikhale pa sitetasi yakeyake kapena zitsatire pambuyo, kuti wofuna mtengo asayambe wawerenga mizere isanu asanaupeze.

Nanga anyezi alengezedwe mofanana ndi matimati?

Ayi, pakuti ubwino wa zinthu ziwirizi ngosiyana. Pa matimati wogula afuna kumva kuti ngatsopano; pa anyezi wamutu afuna kumva kuti ngwouma. Anyezi wokumbidwa kumene, wa khosi lonyowa, sachedwa kuola kapena kuphuka, pamene woumitsidwa bwino, wa khosi lofota ndi makoko olira pogwira, amakhala masabata ambiri pamalo ouma ndi opita mphepo. Tsono wolemba kuti "anyezi watsopano wa lero" angathe kuthamangitsa wogula wodziwa, amene amafuna wosunga mwezi. Alembe kuti "wouma bwino, wosungika", natchule mtundu, popeza wofiira, monga uja alimi amutcha Red Creole, ngwaukali ndiponso wosungika nthawi yaitali, pamene wotuwa wamkulu ngwozizira mkamwa, wokondedwa pa saladi, koma wosachedwa kuonongeka. Anyezi wa masamba yekha ndiye ayenda m'gulu la matimati, pakuti amafota tsiku lomwelo, ndipo iyeyo alengezedwe m'mawa kuti ngwatsopano.

Popeza anyezi sasintha tsiku ndi tsiku, safunika mawu ambiri. Mzere umodzi m'munsi mwa matimati ukwanira. Ntchito yake yaikulu m'sitetasi ndiyo kukwaniritsa mphika: "Tomato 5 ndi anyezi 2, zonse K1,100." Wogula amene akadatenga matimati okha atenga zonse ziwiri, ndipo wotumidwa anyamula ndalama yokwanira popanda kufunafuna chenji.

Ndiike nthawi yanji, ndipo kangati pa tsiku?

Uthenga woyamba utuluke katundu atagulidwa ndi kusankhulidwa, mtengo utadziwika, koma ogula asanachoke pakhomo. Kwa mayi wathu ndiye kuti cha m'ma 6 koloko. Kulengeza usiku katundu amene sanafike ndiko kuitana manyazi, pakuti galimoto imafa pa njira, ndipo mtengo wopikulira umasintha pakati pa usiku ndi m'mawa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nthawiyo ikhale yomweyo masiku onse, kuti anthu azolowere kumufunafuna.

Awiri kapena atatu pa tsiku akwanira: wa m'mawa, wa masana ngati pali ofewa, ndi wa madzulo ngati pali chotsala choti ochokera ku ntchito atenge podutsa. Woika khumi ndi asanu, kusakaniza malonda ndi nthabwala, mavidiyo ndi madandaulo a pa banja, apatsa anthu chifukwa chomutsekera. Pakuti WhatsApp imalola munthu kubisa sitetasi za mnzake popanda mwini kudziwitsidwa. Ngati mpamba ulola, nambala ya malonda ikhale yosiyana ndi ya pabanja, ndipo pa nambala ya malondayo angathe kuika WhatsApp Business, imene inatuluka m'chaka cha 2018, ndipo ili ndi posungira mayankho okonzeratu ndi polembera maola a ntchito.

Chimene ambiri amaiwala ndicho kutseka. Milu isanu ija ikatha pa 2 koloko, sitetasi yake idzaonekabe mpaka mawa masana ngati mwini saichotsa, ndipo wina adzakwera kabaza kudzafuna chimene kulibe. Aichotse pomwepo, kapena aike ina yonena kuti, "Wa supu watha, zikomo. Wolimba akadalipo." Uthenga wotere uli ndi phindu lachiwiri, pakuti umaphunzitsa owerenga kuti akanena "milu 5 yokha" amanenadi zoona, ndipo ulendo wina adzafulumira.

Munthu akayankha kuti "ndisungireni", ndichite bwanji kuti ndisaluze?

Amusungire, koma ndi malire a nthawi onenedwa poyera: "Ndasunga milu iwiri mpaka 12 koloko, ikakwana musanafike, ndigulitsa." Matimati osungidwira munthu wosabwera amataya maola abwino a malonda, ndipo madzulo alowa m'gulu la ofewa. Pa oda yaikulu, monga ndowa kapena dengu la pa ukwati, apemphe chikole kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba asanapikule, ndipo agwirizane za ndalama yochotsera, kuti aidziwe woilipira, pakuti pa phindu laling'ono ngati lija tawerenga, ndalama yochotsera siyochepa. Asatulutse katundu chifukwa cha chithunzi cha risiti chotumizidwa pa WhatsApp, kapena uthenga wooneka ngati wa kampani koma wochokera pa nambala ya munthu wamba. Ayambe waona yekha m'foni mwake kuti ndalama zawonjezekadi. Akatumiza katundu pa kabaza, mtengo wa ulendo unenedwe padera, ndipo matimati olimba akhale pansi, opsa pamwamba, anyezi m'jumbo lake.

Za ngongole, pali chinthu chimodzi choyenera kuchikana kotheratu, ndicho kutchula wangongole pa sitetasi, kaya ndi dzina kaya ndi mawu okuluwika. Wolakwayo angathe kulipira ndi manyazi, koma ena onse owerenga adzaopa kuti tsiku lina adzakhala iwo, nadzachoka mwakachetechete. Nkhani yotere ipite ku makalata a awiri, kapena ikambidwe pamaso.

Ndidzadziwa bwanji kuti sitetasi zanga zikugwira ntchito?

M'munsi mwa sitetasi iliyonse muli kachizindikiro ka diso ndi chiwerengero cha amene aiona, ndipo akagundapo aona maina awo. Koma chiwerengerochi n'choperewera, pakuti amene anatseka Read receipts m'foni mwake saoneka m'ndandanda ngakhale wawerenga, ndipo wogulitsa akatseka yekha, saonanso aliyense. Choncho iye aisiye yotsegula. Komanso kuona si kugula. Muyeso woona uli m'kope la malonda, mmene madzulo aliwonse alembe zinthu zitatu: oona, oyankha, ndi ogula amene ananena kuti abwera chifukwa cha sitetasi. Pakatha masabata awiri kapena atatu, kopelo lidzayamba kulankhula.

Ngati oona ali ochepa kuyerekeza ndi manambala amene anasunga, ndiye kuti ambiri sanasunge yake, kapena makonzedwe aja anatsala pa Only share with..., ndipo mankhwala ake ali pa benchi kapena m'makonzedwemo. Ngati oona anali ambiri koma akucheperachepera, wachulutsa mauthenga kapena akubwereza amodzimodzi. Ngati oona ali ambiri koma oyankha palibe, ayang'ane maina: mwina ndi abale a kutali, kapena mtengo wake wapitirira wa anzake. Mafunso a ogula nawonso ndi mphunzitsi, pakuti funso lobwera kawirikawiri lisonyeza chimene chikusowa m'uthenga: akamafunsa "zingati?" wasiya mtengo, akamafunsa "muli pati?" wasiya malo, akamafunsa "alipobe?" ndiye kuti satseka sitetasi zake katundu akatha. Ndipo akaona dzina la wogula wakale likuoneka tsiku ndi tsiku koma mwiniyo sabweranso, angathe kumulonjera mwaulemu kamodzi, osatchula kuti wakhala akumuona, popeza palibe amene akondwera kudziwa kuti akuwerengedwa.

Nanga m'nyengo ya dzinja, pamene matimati asowa ndi kukwera mtengo, ndilembe chiyani?

M'chilimwe, pamene madimba atulutsa matimati ochuluka ndipo benchi lililonse lafiira, mpikisano uli pa mtengo ndi pa kukula kwa mulu. Koma mvula ikakhazikika, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi, chiwawu ndi matenda ena a chinyezi amaononga minda, misewu ya kumidzi imavuta, ndipo matimati ofika mumzinda amakhala ochepa, odula, ndiponso osachedwa kuola. M'nyengo imeneyi uthenga wakuti "alipo" ukhala nkhani payokha, ndipo wogulitsa aike patsogolo kuchuluka kwa katundu amene ali naye ndi nthawi imene ayembekeza kuti atha. Mtengo ukakwera anene chifukwa chake m'mawu ochepa, popanda kudandaula: "Dengu lakwera ku Wakawaka lero, wamkulu 3 pa K1,000. Wapakati sanasinthe." Wogula amene wauzidwa ali kunyumba afika atakonzeka, pamene wodzidzimutsidwa pa benchi amayesa kuti aberedwa.

Apikule pang'ono koma kawirikawiri, popeza matimati a dzinja sapirira masiku atatu monga a chilimwe, kotero kuti mzere wa mauthenga uja ufupika: tsiku lofika, ndi tsiku lomaliza. Tsiku limene wapita kokapikula napeza katundu woipa kapena mtengo wosatheka, asakhale chete, pakuti ozolowera kumuwerenga pa 6 koloko adzayesa kuti wadwala kapena wasiya geni. Alembe kuti, "Lachinayi m'mawa. Lero tomato ndilibe, amene anafika sanali wabwino. Anyezi wouma alipo, 3 pa K500. Mawa ndiyesanso, ndipo ndidzakuuzani nthawi yomwe ino."